Ukakayika, mpira ndi wabwino: kugamula za mizere pa tenisi popanda woyimbira

Masewero ambiri a tenisi amachitika popanda woyimbira. Mpando wautali uja timauona pa kanema, komanso makamera otsata mpira, ndi za akatswiri ochepa okha. M'makalabu, m'sukulu, ngakhale m'mipikisano yambiri ya achinyamata, osewera amadzigamulira okha. Ndiye pali chinthu chimene chimadabwitsa aliyense amene wangoyamba kumene: munthu amene amanena kuti mpira wako watuluka ndi mnzako wa tsidya lina la neti, yemweyo amene apindule mpirawo ukatuluka. Wapatsidwa mlandu woti aweruze, pamene mlanduwo ndi wake womwe.

Dongosolo lotere likanagwa kalekale pakanapanda lamulo limodzi limene limaligwiriziza. Lamulolo likuti ngati sunaone bwinobwino kuti mpira wagwa kunja, mpirawo ndi wabwino, ndipo poyinti ndi ya mnzako. Silikuti mubwereze. Anthu ambiri osewera mwaubwenzi amaganiza kuti mawu oti "tiyeni tingobwereza" ndiwo chilungamo chenicheni, koma ine ndikuona kuti kumeneko ndiye kulakwitsa kofala kwambiri pa bwalo la tenisi, ndipo kumachitika ndi mtima wabwino.

Tiyambe ndi mzere weniweniwo. Bwalo la tenisi ndi lotalika mamita 23.77. M'lifupi ndi mamita 8.23 akamasewera mmodzimmodzi, ndi mamita 10.97 akamasewera awiriawiri. Miyeso imeneyi imafika kunja kwa mzere, kutanthauza kuti utoto wonse wa mzere ndi mbali ya bwalo. Mizere imakhala masentimita 2.5 mpaka 5 m'lifupi, kupatula wa kumbuyo umene umaloledwa kufika masentimita 10. Malamulo a bungwe la tenisi la dziko lonse, ITF, amanena kuti mpira ukakhudza mzere, wakhudza bwalo limene mzerewo ukuzinga. Ngakhale mpira wonse utakhala kunja, n'kungopsopsona utoto ndi ubweya wake, ndi wabwino.

Ozolowera mpira wamiyendo asamale apa. Ku mpira wamiyendo timayang'ana ngati mpira wonse wadutsa mzere, kaya uli pansi kaya m'malere. Ku tenisi za m'malere zilibe ntchito. Mpira ukhoza kuuluka kunja kwa bwalo, kuzungulira mtengo wa neti, n'kudzagwera m'kati, ndipo ndi wabwino. Chimene chimawerengedwa ndi pamene wakhudza pansi. N'chifukwa chake wosewera amene wagwira mpira usanagwe, ngakhale ataima kutali kunja kwa bwalo ndipo aliyense akuona kuti mpirawo umapita kumpanda, wataya poyinti. Anthu odziwana amakhululukirana pa zimenezi chifukwa cha ulesi wokatola mpira, koma ndi bwino kudziwa kuti kumeneko ndi kukhululukirana chabe.

Mmene osewera ayenera kuchitira popanda woyimbira zinalembedwa. Ku America kuli kabuku kotchedwa The Code, kamene kanayamba ndi mkulu wina wa asilikali, Nick Powel, ndipo bungwe la tenisi la dzikolo, USTA, limakasindikiza pamodzi ndi malamulo ake. Nalo bungwe la ITF lili ndi malangizo ake a masewero opanda woyimbira wa pampando. Zolemba ziwirizi zimagwirizana pa mfundo zikuluzikulu. Aliyense amagamula za mipira yogwera mbali yake ya neti. Anene msanga, mokweza kapena ndi dzanja, kuti mnzake amve. Ndipo akakayika, asakomere mbali yake. Kabuku ka ku America kaja kamawonjezera muyeso wothandiza kwambiri: usanene kuti mpira watuluka pokhapokha utaona mpata pakati pa mzere ndi pamene mpirawo wagwera. Funso loti udzifunse si loti "kodi ndikuganiza kuti watuluka?" koma loti "kodi ndaona mpatawo?"

Chifukwa chake muyesowu uli wokhwima chonchi chili m'maso mwathu momwemu. Mpira ukagunda pansi umakhalapo kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Diso silijambula kanthawi kotere. Ubongo umangoona mpira ukubwera, kenako ukunyamuka, ndipo umadzaza wokha zapakatipo. Podzazapo umakonda kukankhira mpira patsogolo pang'ono, kumbali kumene umalowera. Pakuti mipira yokanganirana imakhala ikulowera kunja kwa bwalo, diso limaiona kunja kuposa mmene ilili. M'chaka cha 2008, David Whitney ndi anzake a ku yunivesite ya California ku Davis anafalitsa kafukufuku wa zigamulo za oyimbira mizere ku mpikisano wa Wimbledon. Pa zigamulo 83 zolakwika zimene anapeza, 70 zinali za mipira yabwino imene inanenedwa kuti yatuluka. Awatu anali anthu ophunzitsidwa ntchitoyo, oima malo amodzi, oyang'ana mzere umodzi wokha, opanda chowakhudza pa amene apambane. Nanga iwe amene ukuthamanga, mutu ukugwedezeka, thukuta lili m'maso, mtima ukufunitsitsa kuti mpirawo utuluke?

Choncho munthu akakunenera mpira wabwino kuti watuluka, nthawi zambiri sakunama. Waonadi zimene wanenazo. Lamulo la kukayika limakankhira chigamulo kumbali yotsutsana ndi kumene diso limakonda kulakwira.

Chinthu chachiwiri ndi pamene waima. Mpira wa tenisi ndi wa masentimita pafupifupi 6.7 kudutsa pakati, ndipo umabisa zimene zili kuseri kwake. Tenga chitsanzo cha wolandira seva, mpira woyambira poyinti. Mzere wa seva uli mamita 6.40 kuchokera pa neti, ndiye kuchokera pa mzerewo kufika pa mzere wakumbuyo ndi mamita pafupifupi 5.5. Wolandira akaima mita imodzi kumbuyo kwa bwalo, maso ake ali pa msinkhu wa mamita 1.6, mpira umene wagwa patsogolo pake umamubisira nthaka yoposa masentimita 20 kuseri kwake. Seva ikapitirira mzere ndi masentimita 5, mpira umakhala pakati pa iye ndi mzerewo, ndipo mpata uja sangauone. Woseva, amene ali kutali kwambiri, amauona bwino mpatawo, chifukwa kwa iye mzere uli kutsogolo ndipo mpira uli kuseri. Apa ndi pamene pamachokera madandaulo oti "anthu awa amabweza ndi maseva otuluka omwe". Samachita dala. Ndi mmene bwalo lilili.

Zomwezo zimachitika m'mbali. Ukathamangitsidwa mpaka kunja kwa bwalo, mpira umakubisira mzere. Ukakhala m'kati n'kumayang'ana kunja, mpata umaoneka. Koma woona bwino koposa onse ndi amene maso ake akutsata mzerewo m'litali mwake. Munthu amene wamenya mpira motsata mzere wa m'mbali nthawi zambiri amauona bwino kuposa mwini mbaliyo amene akuuyang'ana chopingasa. Pa chifukwa chimenechi The Code imati ukaona bwino kuti mpira wako womwe watuluka, unene, ngakhale mnzako sanakufunse. Imalolanso kufunsa mnzako wa tsidya lina kuti "inu mwauona bwanji?" Koma ukafunsa, yankho lake lomveka ulilandire, lokoma kapena lowawa. Iyenso akati sanaone, mpirawo ndi wabwino. Oonerera safunsidwa konse, ngakhale atakhala pa mzere penipeni, chifukwa woonerera aliyense ali ndi amene anabwera naye.

Tsopano tibwere ku nkhani ya kubwereza, imene imamveka yaulemu kwambiri. Mpira wagwa pakona, sunauone bwino, ndipo ukuti, "Pepani achimwene, sindinaone, tibwereze." Palibe wakwiya. Koma taona chimene chachitika. Mnzako wamenya mpira umene sunaufikire. Ngati unali wabwino, poyinti inali kale m'thumba mwake, ndipo waitulutsa n'kuiika pakati kuti muilimbiranenso. Iwe sunataye kalikonse. Unali utagonja, tsopano uli ndi mwayi wina. Kukayika kwako kwakubweretsera phindu, ndipo chinthu chikamapindulitsa chimachuluka. Pa 15-0 udzaona mipira bwinobwino, koma pa 30-40, pamene poyinti imodzi ingathetse gemu, maso adzayamba kuchita chidima. Sudzachita kufuna. Kungoti palibe chimene chikukukakamiza kuyang'anitsitsa.

Pamene kukayika kukutayitsa poyinti, zinthu zimasintha. Umayang'ana mpira mpaka ugwe, chifukwa ukudziwa kuti ukapanda kuona, walipira ndiwe. Ndipo zimene wataya zimabwera, popeza mnzako nayenso akukupatsa mipira imene iye wakayika. Zili ngati pamsika pamene wogulitsa amayeza yekha ufa m'mbale: akadzaza mpaka pakamwa n'kuikapo kabanyira, wogula safunsanso ngati mbaleyo ndi yoona. Ndivomereze kuti lamuloli limalola mipira ina yotuluka kuwerengedwa ngati yabwino. Aliyense wolitsatira amasewera mipira ingapo imene inali kunja pang'ono. Koma kulakwa kumeneku kumagwera amene ali ndi mphamvu yogamula, osati amene alibe, ndipo ndi kumene kumachititsa kuti mphamvuyo isakhale chida.

Pali chinanso chimene obwereza saganizira. Malamulo amati poyinti ikabwerezedwa, imabwerezedwa yonse, ndipo woseva amayambanso ndi maseva awiri. Chosiyana ndi seva yachiwiri imene yakhudza neti n'kugwera m'bokosi limene seva iyenera kugwera, kapena imene yamenyedwa wolandira asanakonzeke, pamene amangobwereza seva imodziyo. Ndiye ngati mkangano wabuka pa poyinti imene inayamba ndi seva yachiwiri, kubwereza kumam'bwezera woseva chida chake chachikulu chimene anali atataya kale. Chimene chimaoneka ngati kugawana pakati sichikhala pakati.

Kubwereza kuli ndi malo ake enieni. Mpira wa bwalo lina ukagubuduzika n'kulowa m'bwalo lanu, aliyense akhoza kuimitsa masewero, ndipo mubwereza. Koma aimitse pomwepo. Amene waona mpirawo, n'kupitiriza kusewera, n'kudzaukumbukira atamenya pa neti, wachedwa.

Kuchedwa kumeneku ndi muzu wa mikangano yambiri, ndipo The Code ili ndi ganizo lomveka pa nkhaniyi: munthu asakhale ndi mwayi kawiri pa poyinti imodzi. Mpira wagwa pafupi ndi mzere wakumbuyo, iwe waubweza mwamphamvu, ukuuyang'ana ukupita. Ukalowa, ukhala chete. Ukatuluka, ndiye ukuti, "Aaa, koma wanu uja unali kunja." Mwina unalidi kunja, koma wadikira kuti uone kumene mphepo ikulowera. Malire ake ndi akuti unene mpira wako wobwezawo usanafe, kapena mnzako asanaumenye. Kubweza mpira uku ukufuula kuti watuluka si vuto, chifukwa dzanja limathamanga kuposa pakamwa. Vuto ndi kudikira zotsatira.

Tiyeni titsate poyinti imodzi ya awiriawiri kuti tione mmene zonsezi zimalumikizirana. Zigoli zili pa 30-40, ndipo oseva akataya poyintiyi ataya gemu. Wolandira waima kumbuyo, mnzake waima pa mzere wa seva. Ntchito amagawana motere: mnzake uja amayang'ana mzere wa seva chifukwa akuuona m'litali, pamene wolandira amayang'ana mzere wapakati ndi wa m'mbali, imene ikulunjika kwa iye. Aliyense wa awiriwa akhoza kunena za mpira uliwonse umene wauona bwino, koma kagawidwe kameneka kamatsata pamene maso a aliyense ali ndi mphamvu.

Seva yoyamba yabwera yamphamvu, yagwa chapamzere. Onse awiri akhala chete. Wolandira waubweza, mpira wadutsa pakati pa oseva, palibe waukhudza. Woseva akuti, "Koma seva ija inapitirira, ndinaona ndi maso angawa." Akhoza kukhala kuti akunena zoona, popeza tanena kale kuti iye amauona bwino mpata umenewo. Komabe poyinti ndi ya olandira, ndipo gemu yatha. Woseva ndi mnzake saloledwa kunena kuti seva yawo yoyamba yatuluka ngati wolandira waibweza bwino. Olandira anakayika, anapereka mpirawo kwa woseva monga lamulo likunenera, ndipo woseva anayenera kukhala wokonzeka. Akanaloledwa kunena, bwenzi akukhala chete wolandira akalephera kubweza, n'kumalankhula pokhapokha wolandira akabweza bwino. Pa seva yachiwiri ndi zosiyana. Woseva kapena mnzake akaona bwino kuti yatuluka, anene, chifukwa kunenako kukuwatayitsa poyinti iwo eni. Pamenepa pakuoneka ulusi umene wasoka dongosolo lonse: mawu okupweteka wekha uli ndi ufulu wowanena pafupifupi nthawi iliyonse, koma mawu okupindulitsa ali ndi malire.

Tisinthe pang'ono. Seva yomwe ija yagwa, mnzake wa wolandira wafuula kuti yatuluka, koma wolandira waona mpira ukudya utoto. Anthu a mbali imodzi asiyana maganizo, ndipo kusiyanako pakokha ndi umboni woti pali kukayika. Mpirawo ndi wabwino. Apa ambiri amalephera, chifukwa kutsutsa mnzako pamaso pa adani kumaoneka ngati kumuyalutsa. Njira yake ndi kumuyandikira n'kumuuza chapansipansi kuti, "Aise, ine ndauona pa mzere," kenako iye mwini asinthe chigamulo chake. Koma ngati wolandirayo sanaone kalikonse, alibe maganizo, ndiye palibe kusiyana, ndipo mawu a mnzake aima. Kusaona n'kosiyana ndi kuona zina.

Nanga munthu akasintha chigamulo, poyinti ipite kuti? Apa zolemba ziwiri zija zimasiyana, ndipo ndi bwino kugwirizana musanayambe. The Code masiku ano imati amene wanena kuti mpira watuluka, kenako n'kuzindikira kuti unali wabwino kapena kuyamba kukayika, wataya poyinti, ngakhale anali ataubweza bwino. Malangizo a ITF pa mabwalo amene si a dothi ndi ofewerapo: koyamba mubwereza, pokhapokha ngati mpirawo unali woti sakanaufikira, koma akalakwitsanso kachiwiri m'masewero omwewo wataya poyinti. Pa bwalo la dothi amataya poyinti kuyambira koyamba. Kwa anthu osewera mwaubwenzi, ine ndimakonda njira yokhwimayo. Ndi yosavuta kukumbukira, ndipo imathetsa chizolowezi chofuula mpira usanagwe.

Bwalo la dothi lili ndi mwayi wake, chifukwa mpira umasiya chidindo. Chidindocho sichikhala chozungulira. Mpira umaphwatalala ndi kutsetsereka pang'ono, ndiye umasiya chinthu chotalikirapo ngati dzira. Mbali iliyonse ya chidindo ikakhudza mzere, mpira ndi wabwino. Chidindo chikaoneka choduka m'mphepete mwa mzere, ndiye kuti mbali yosowayo ili pa mzerepo. Malangizo a ITF amalola kupempha mnzako kuti akuonetse chidindo, ndipo ukapempha ukhoza kuwoloka neti kukachiona. Amene wafufuta chidindo wavomereza kuti poyinti si yake. Chidindo chimayang'anidwa pa mpira womaliza poyinti, kapena wosewera akaimitsa masewero pomwepo. Sungabwerere ku mpira wachitatu pamene mwamenyerana kale mipira khumi. Vuto lenileni pa dothi limakhala kugwirizana kuti chidindo chake ndi chiti, makamaka m'bokosi la seva mmene mumakhala zidindo zambirimbiri, n'chifukwa chake osewera ozolowera amafufuta ndi phazi zidindo zakale za pafupi ndi mzere poyinti ikatha mwamtendere. Pa simenti kapena pa phula, kachizindikiro ka ubweya kamene mpira umasiya nthawi zina sikawerengedwa ngati umboni, popeza palibe angatsimikize kuti ndi ka mpira uti.

Kuwoloka neti kuli ndi mbiri yake. Pa masewero otsiriza a mpikisano wa Roland Garros ku France mu 1999, Martina Hingis anazungulira neti kukaloza chidindo mbali ya Steffi Graf, zimene siziloledwa pamene pali woyimbira, ndipo analangidwa. Chitsanzo chosiyana nacho chinachitika ku Rome mu 2005. Andy Roddick anangotsala ndi poyinti imodzi kuti agonjetse Fernando Verdasco, ndipo woyimbira mzere ananena kuti seva yachiwiri ya Verdasco yatuluka. Roddick anayang'ana chidindo n'kunena kuti mpirawo unali wabwino. Verdasco anadzapambana masewerowo. Nkhaniyi anthu amaikamba ngati chozizwitsa, koma chimene Roddick anachita tsiku limenelo ndi chimene wosewera wamba amayembekezeredwa kuchita Loweruka lililonse.

Kupatula mizere, pali zinthu zimene wosewera amadzinenera yekha, chifukwa ndi iye amene amazimva m'thupi. Mpira ukakhudza chovala chake kapena kupsopsona laketi yake popita kunja, laketi kapena thupi lake likakhudza neti poyinti ili m'kati, akamenya mpira usanawoloke neti, kapena mpira ukagunda pansi kawiri asanaufikire, anene yekha. Za kugunda kawiri zimavuta, chifukwa wothamangira mpira waufupi nthawi zina sadziwadi. Chizindikiro chimodzi ndi mmene mpira wanyamukira. Laketi ikalowa kunsi kwa mpira usanagwe kachiwiri, mpira umakonda kukwera mozungulira chammbuyo. Ukagunda pansi kaye, kawirikawiri umachoka mozungulira chakutsogolo. Si umboni wotheratu, koma ukaona chonchi ndipo mumtima muli kukayika, pereka poyinti. Seva yokhudza neti, aliyense mwa osewera amene wamva akhoza kunena, bola anene nthawi yomweyo. Kuponda mzere poseva ndi nkhani ina, yosowetsa mtendere pakati pa anzako. Mawu amodzi ochenjeza panthawi yosinthana mbali amathandiza kuposa kufuula pakati pa gemu.

Mkangano wa zigoli umapeweka ngati woseva atchula zigoli mokweza asanayambe poyinti iliyonse. Zikasokonekera, musalimbane za chiwerengero, kumbutsanani mapoyinti. Wina akuti 40-30, wina akuti 30-40. Onse akuvomereza kuti aseweredwa mapoyinti asanu. Pokumbutsana, apeza kuti akugwirizana pa anayi: seva ija sinabwezedwe, mpira uja unakodwa pa neti, ndi ena awiri, aliyense anapambana awiri. Ndiye kuti zigoli ndi 30-30, ndipo ayambire pamenepo. Akalephera kukumbukira, abwerere pa zigoli zimene onse akuvomereza, ndipo zikakanikiratu, The Code imati azunguze laketi kapena aponye ndalama.

Chatsala ndi funso limene aliyense amafunsa: nanga mnzako akamaba? Dongosololi lilibe mankhwala amphamvu pa munthu wotere, ndipo tisanamizane. Chimene uli nacho ndi funso limodzi, lofunsidwa mwaulemu: "Mwatsimikiza, akulu?" Akati watsimikiza, chigamulo chake chaima, ndipo masewero apitirire. Akayamba kuti "ndikuganiza choncho" kapena "umaoneka ngati watuluka", wavomereza yekha kuti akukayika, ndipo poyinti ndi yako. Funsoli limagwira ntchito likamabwera mwa apo ndi apo. Ukamafunsa pa mpira uliwonse limasanduka chipongwe, komanso uzikumbukira kuti ukaima kumbuyo uli mamita oposa 20 kuchokera pa mzere wakumbuyo wa mnzakoyo, ndipo neti ili pakati. Pa mzere umenewo, mipira yambiri imene umalumbira kuti inalowa sunaione bwino.

Kusiyanitsa wolakwitsa ndi wakuba kumafuna kuleza mtima. Wa maso ofooka amalakwitsa paliponse, pa 40-0 ndi pa 30-40 chimodzimodzi, ndipo nthawi zina amalakwitsa mokomera iwe, n'kusewera mipira yotuluka ndi chikhatho chonse. Wakuba zolakwa zake zimadziwa zigoli. Zimabwera pa mapoyinti olemera, zimachedwa kutuluka pakamwa, ndipo sizikomera wina aliyense koma iye. Pa mpikisano, ukaona zotere umaitana woyang'anira masewero kuti adzaime pa bwalo. Pa masewero a ubwenzi palibe woitana, ndipo mtima umafuna kubwezera pa mpira wotsatira wa pa mzere. Kubwezera kumaononga zonse, chifukwa mukangoyamba, bwalo limachepa mbali zonse ziwiri, aliyense amaopa kulunjika pafupi ndi mzere, ndipo chimene mukusewera sichikhalanso tenisi. Chimene ndaona chikuthandiza ndi kuchita mosiyana: kupereka poyera mpira wapafupi, n'kunena mokweza kuti "wabwino umenewo". Anthu ambiri amachita manyazi n'kuyamba kubweza ulemuwo. Ngati sizikusintha, lankhulani posinthana mbali, mutakhala pansi, osati mutaimirirana pa neti: "Achimwene, ine mipira yokayikitsa ndikukupatsani, tiyeni tonse tizitero." Amene samva ngakhale pamenepo, malizani seti mwaulemu, ndipo sabata yamawa muitane wina.

Mikangano ina si ya anthu, ndi ya bwalo. Mabwalo ambiri akale ali ndi mizere yofufutika, ming'alu, kapena mizere ya masewero ena yodutsana ndi ya tenisi. Musanayambe, yendani limodzi pa malo ofufutikawo n'kugwirizana pamene mzere ukudutsa, ndipo ngati pali choko, jambulani. Gwirizananinso zinthu zitatu zimene zimasiyana malinga ndi kumene munthu anaphunzirira: ngati wosintha chigamulo ataye poyinti kapena mubwereze, ngati kugwira mpira wopita kumpanda mukukuvomereza, ndi chizindikiro cha dzanja chimene mugwiritse ntchito mphepo ikamameza mawu. Chofala ndi chala cholozetsa m'mwamba kapena kumbali pa mpira wotuluka, ndi chikhatho chotambasula choyang'ana pansi pa mpira wabwino. Dzuwa likapendeka n'kuyamba kuthobwa m'maso mbali imodzi, kapena mdima ukayamba kugwa, mipira yokayikitsa imachuluka, ndiye amene ali mbali yovutayo adzapereka mapoyinti ambiri kuposa mnzake. Kusinthana mbali pakatha gemu yoyamba, yachitatu, yachisanu ndi kumapitirira motero ndiko kumagawa vutoli mofanana, choncho musakudumphe, ngakhale pa masewero ongocheza.